Gemu yanu ikufera pakhomo, ndipo vuto si zithunzi

Mwezi uliwonse sipalephera kubwera mnyamata kapena mtsikana wondionetsa gemu imene wapanga pafoni. Ndikangoigwira amayamba kupepesa: “Achimwene, pirirani pang'ono, imayamba kukoma pa levulo 3.” Mawu amenewa ndatopa nawo. Amene angapirire mpaka levulo 3 ndi inu nokha ndi amayi anu. Munthu wamba amene wawononga bandulo yake kudawunilodi gemuyo akaona kuti mphindi ziwiri zatha asanachite chilichonse chomukomera, amaifufuta n'kubwerera pa WhatsApp.

Chimene chimagwira munthu m'mphindi 10 zoyambirira ndi chimene ife pantchito timachitcha lupu, kutanthauza kachinthu kamene wosewera amachita mobwerezabwereza: amaona zimene zili patsogolo pake, n'kusankha chochita, n'kudina, gemu n'kumuyankha, ndipo yankholo limasintha zimene aone ulendo wotsatira. Wosewera bawo akuzidziwa kale zimenezi. Amayang'ana maenje, kutapa, kufesa, kudya za mnzake kapena kugona, ndipo bawo limene akuliyang'ana tsopano silinso lija la poyamba. Palibe amene amakhala pansi pa mtengo tsiku lonse chifukwa bawolo analisema mokongola.

Jaime Griesemer, mmodzi mwa amene anakonza Halo ya 2001 ku kampani ya Bungie, anatchuka ndi ganizo lakuti gemu yonseyo inali masekondi 30 okoma obwerezedwa kambirimbiri. Anthu ambiri anamva theka lokha la nkhaniyo, moti iye anadzafotokozanso pambuyo pake kuti sankanena zobwereza chinthu chimodzimodzi. Masekondi 30 aja amabwera m'malo osiyana, ndi adani osiyana, ndi zida zosiyana, ndipo m'kati mwake muli kalupu ka masekondi atatu, pomwe iwowo ali m'kati mwa lupu ya mphindi zitatu. Ine ndimayamba kuyesa gemu ndi kakang'ono kwambiri kaja. Chotsani nkhani, nyimbo ndi zithunzi, pasikirini patsale mabokosi okhaokha. Ngati kuyendetsa bokosilo ndi kulidumphitsa sikukukoma, palibe wojambula amene angakupulumutseni. Gulu la Shigeru Miyamoto popanga Super Mario 64, imene inatuluka mu 1996, linayamba ndi kayendedwe ka Mario, akungothamangitsa kalulu, malevulo asanamangidwe.

Ndikuuzeni za gemu yanga imene imandiwawabe mumtima. Inali ya wakabaza wanjinga yakapalasa: kunyamula kasitomala pasiteji, kuzemba maenje ndi maminibasi, kukamutsitsa, kulandira ndalama, kugula tayala labwino kapena khushoni yapakaliyala kuti ulendo wotsatira ulipire zambiri. Papepala inali lupu yabwinobwino. Ndinaikonza miyezi yambiri osaionetsa munthu wakunja, ndipo mlandu wanga waukulu ndi umenewu.

Tsiku limene ndinaipereka kwa anthu osandidziwa, ndinakhala kumbuyo kwawo ndi wotchi ndi kope. Zimene ndinalemba zinali zochititsa manyazi. Mphindi yoyamba ndi theka inathera pa nkhani ya mmene mnyamatayo anachokera kumudzi ndi mmene amalume ake anamubwerekera njinga. Ndinkaikonda kwambiri nkhani imeneyo, koma aliyense ankangodinadina sikirini kuti idutse. Kenako panabwera masamba anayi ofotokoza mabatani, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anawerenga. Ulendo woyamba unali wa mphindi zitatu, kotero ndalama yoyamba inkalowa m'thumba pa mphindi ya 6, ndipo tayala lotchipa kwambiri linkafuna maulendo anayi. Ndiye kuti munthu ankafika mphindi ya 15 asanazungulire lupu yonse ngakhale kamodzi. Chimene ine ndinkati ndi gemu, iwo sanachione n'komwe.

Kukonza mbali imeneyi sikunali kovuta. Nkhani ya amalume ndinaichotsa yonse. Gemu ikangotseguka, njinga ikuyenda kale pang'onopang'ono ndipo mayi wina ali patsogolo apo akukodola ndi dzanja. Pofika sekondi yachisanu wakwera. Ulendo woyamba ndinaudula kukhala masekondi 40, ndipo mtengo wa tayala ndinautsitsa kuti ligulike pakatha maulendo awiri. Lupu yonse, kuyambira kunyamula mpaka kugula, inayamba kutheka mphindi ziwiri zisanakwane, ndipo pofika mphindi ya 10 munthu wazungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Tayalalo ndinalipanganso kuti lizimveka m'zala. Poyamba linkangowonjezera liwiro pang'ono kwambiri moti palibe ankazindikira, ndipo mphotho yosamveka ndi chimodzimodzi kusapereka kanthu.

Masamba a malangizo ndinawachotsanso, ndipo apa ndinaba nzeru poyera kuchokera ku levulo 1-1 ya Super Mario Bros. ya 1985. Ikayamba, Mario waima kumanzere atayang'ana kumanja komwe kuli mpata, ndiye chala chimapita kumanja chokha. Mdani woyamba, Goomba, amabwera yekha pamalo athyathyathya. Akakupha wataya masekondi ochepa chabe, koma waphunzira kuti pafunika kudumpha. Bowa woyamba amatuluka m'bokosi, n'kutsetserekera kumanja, n'kugunda paipi yobiriwira, n'kubwerera kwa iwe. Wosewera watsopano angaganize kuti ndi mdani winanso, koma mabokosi ali pamwamba pamutu pake amamulepheretsa kumudumpha bwino, bowa uja amamukhudza, Mario n'kukula. Chakumapeto kuli mpata pakati pa masitepe wokhala ndi pansi, kenako mpata wofanana nawo umene ukagweramo wafa. Phunziro limayamba pamalo osaopsa, mayeso n'kubwera pambuyo, popanda liwu limodzi lolembedwa. Kwa wakabaza wanga, dzenje loyamba ndinaliika lokha pamsewu wopanda galimoto. Ukaligunda, mayi uja amadzuma ndipo kandalama kamodzi kamagwa pansi kakulira. Palibe anafunsanso kuti maenje ndi a chiyani.

Ndinaganiza kuti ndamaliza. Ndiye panabwera kamnyamata kena ka sekondale, kodziwa magemu kuposa onse aja. Sikanagunde dzenje ngakhale limodzi, ndalama zinkangolowa, tayala kanagula. Pa mphindi yachinayi kanaika foni patebulo mwaulemu n'kunena kuti, “Ili bwino.” Mawu amenewo ndi amene ndimawaopa kuposa chipongwe. Wotukwana gemu amakhala kuti akufuna kupambana. Uyu analibe chimene ankafuna.

Zinanditengera masabata kuti ndione vuto. Mu lupu yanga munalibe kusankha. Kuzemba dzenje si chosankha, chifukwa palibe munthu wanzeru amene angafune kuligunda. Zala zinali pantchito koma mutu unali pa tchuthi. Yerekezani ndi Tetris ya Alexey Pajitnov: kachidutswa kalikonse kakamatsika umadzifunsa ngati ufufute mzere umodzi pompano kuti upume, kapena uunjike kudikira chachitali chija kuti ufufute mizere inayi pakamodzi, uku muluwo ukuyandikira kudenga. Mayankho onse awiri ali ndi phindu lake ndi ngozi yake, ndipo n'chifukwa chake anthu akuiseweretsabe kuyambira m'ma 1980.

Ndinaika mphambano pakati pa ulendo uliwonse. Kumanja kuli tala, wautali koma wosalala. Kumanzere kuli chidule chafumbi chodzaza maenje, chofupika ndi masekondi 10. Makasitomala ndinawasiyanitsa: wothamangira ku ofesi amawonjezera ndalama ukafika msanga, pomwe mayi wonyamula thireyi ya mazira amakudula malipiro pa dzenje lililonse. Ulendo wachitatu onse awiri amakodola nthawi imodzi, ndipo kaliyala ndi imodzi. Apa oyesa anayamba kuyankhula okha, ena kumati “aaa, ndikanadzera kutala.” Munthu akamadziimba yekha mlandu m'malo moimba gemu, ndiye kuti ali kale ndi pulani ya ulendo wotsatira. Koma kamnyamata kaja sindinakapezenso kuti kayeserenso, ndipo gemuyo ndinali nditaithera kale mphamvu ndi ndalama pa zithunzi za nkhani ya amalume zimene ndinazitaya. Ndikanaionetsa anthu sabata yachiwiri ili mabokosi, zonsezi ndikanaziona pa mtengo wa botolo la fanta.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi mawu akuti “ndidzaionetsa ikadzatha.” Lupu ndi maziko, ndipo malevulo, mitengo ya zinthu m'gemu ndi zithunzi zonse zimamangidwa pamwamba pake. Kuisintha mwezi wachisanu ndi chimodzi n'kugumula nyumba yofolera kale. Pezani anthu asanu amene si anzanu, muwapatse foni, inu mutseke pakamwa. Musawafotokozere kanthu ngakhale asokonezeke bwanji, pakuti kunyumba kwawo inu simudzakhalako. Lembani nthawi imene adina koyamba chinthu chenicheni cha m'gemu, nthawi imene alandira mphotho yoyamba, ndi nthawi imene maso awo achoka pasikirini. Akamadina batani limodzi kawirikawiri mwaukali, ndiye kuti gemu ikuchedwa kuyankha kapena yankho silikuoneka, ndipo zimenezi muziyesa pafoni yotchipa, osati pa laputopu yanu. Funso lakuti “mwaikonda?” musalifunse n'komwe, kwathu kuno aliyense amavomera mwaulemu. Ingonenani kuti nthawi yatha, n'kuona ngati akubweza foni msanga kapena akuti “dikirani ndingomaliza ulendo uwu.”

Chenjeraninso ndi akatswiri a pa intaneti ogulitsa makosi a mmene mungakolere osewera. Mankhwala awo ndi omwewomwewo: mphatso ya tsiku ndi tsiku, gudumu la mwayi, mauthenga okumbutsa munthu kuti abwerere, mphamvu zimene zimatha kuti adikire kapena aonere malonda. Zinthu zimenezi zimabweza munthu amene gemu anaikonda kale. Mphatso ya mawa ilibe ntchito kwa munthu amene wachoka lero pa mphindi yachitatu, ndipo kumudula ndi malonda a masekondi 30 pamene ulendo wake woyamba ndi wa masekondi 40 n'kumuthamangitsa ndi dzanja lanu lomwe. Ogulitsa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, nawonso asadzinamize kuti ndalama zalowa kale: wogula akhoza kubwezeredwa ndalama zake ngati sanasewere maola awiri ndipo masiku 14 sanathe.

Mlongo wina anabwera posachedwa ndi gemu yogulitsa mandasi, atalipira kale kosi yotereyi. Gudumu la mwayi linali lowala bwino, koma mandasi oyamba ankapsa pa mphindi yachisanu ndi chiwiri, ndipo kufikira pamenepo ntchito ya wosewera inali kudina `Next` basi. Tinazimitsa gudumulo, mafuta tinawaika pamoto kale gemu ikamatseguka, makasitomala awiri ataima pabenchi, mandasi okazinga ali amodzi okha. Ndamuuza kuti Loweruka apite nayo kwa anthu asanu osamudziwa, abwere ndi kope.