Makhadi a mashini lening'i owerenga usiku woti mawa lake ndi mayeso

Mafunso ambiri a mashini lening'i amabwerera ku nkhani imodzi: kodi modelo ikuchita bwanji pa deta imene sinaionepo, ndipo inu mwadziwa bwanji? Makhadi awa tawasanja motsatira funso limeneli. Phimbani yankho ndi dzanja, yankhani mokweza, kenako onani. Khadi lachisanu lokha ndilo lofuna cholembera ndi pepala.

Khadi 1. Kodi paramita ndi haipaparamita zimasiyana pati?

Paramita ndi manambala amene modelo imadzipezera yokha pophunzira, monga `w` ndi `b` mu `y = wx + b`. Haipaparamita mumasankha ndinu maphunziro asanayambe, monga `learning_rate` kapena `max_depth` ya mtengo wa zisankho.

Khadi 2. N'chifukwa chiyani deta timaigawa patatu, osati pawiri?

Chifukwa chigawo chilichonse chili ndi ntchito yake. Chophunzirira ndicho modelo imapezerapo maparamita. Cha validesheni ndicho inu mumasankhirapo mahaipaparamita ndi kufananitsa mamodelo. Choyesera mumachitsekera pambali, n'kuchitsegula kamodzi kokha pamapeto. Pa mizere 10,000 mungathe kugawa 7,000, 1,500 ndi 1,500, ngakhale kuti palibe lamulo loti zikhale choncho.

Mamalikisi amatayika pa chiganizo ichi: mukamasintha modelo n'kumaona zotsatira za chigawo choyesera, kenako n'kusinthanso, chigawocho chasanduka cha validesheni, ndipo nambala imene mudzalengeze idzakhala yokoma kuposa zoona. Deta ikachepa gwiritsani ntchito krosi-validesheni: igaweni zigawo 5, phunzitsani ka 5, ulendo uliwonse chigawo china chikhale cha validesheni, ndipo tengani avereji.

Khadi 3. Ovafiting'i ndi chiyani, ndipo mumaizindikira bwanji?

Ndi pamene modelo yaloweza deta yophunzirira, pamodzi ndi zolakwika ndi zangozi zimene zili m'menemo, m'malo mogwira chimene chimabwerezabwereza. Ili ngati mwana wa Fomu 4 amene waloweza mayankho a mapepala akale: funso likangotembenuzidwa pang'ono, wasowa pogwira.

Chizindikiro chake ndi mpata pakati pa manambala awiri. Ikakhoza 99% pa deta yophunzirira koma 78% pa validesheni, yaloweza. Pa girafu mudzaona `loss`, muyeso wa kulakwitsa pa deta yophunzirira, ikutsikabe pamene `val_loss`, muyeso womwewo pa validesheni, yasiya kutsika n'kuyamba kukwera, ndipo pamene yakhotera m'mwambapo ndi pamene maphunziro anayenera kuimitsidwa. Mankhwala ake ndi kuonjezera deta, kufewetsa modelo, kuimitsa msanga, kapena kuilipiritsa modelo ikamakulitsa manambala a `w`. Chilango cha `L2` chimangowachepetsa onse, pamene cha `L1` chimatha kufikitsa ena pa ziro penipeni, motero chimachotseratu zina mwa zizindikiro, kutanthauza mfundo za mu deta zimene modelo imagwiritsa ntchito polosera.

Manambala onse awiri akakhala otsika, tinene 62% ndi 61%, imeneyo ndi andafiting'i: modelo ndi yophweka kwambiri moti yalephera ngakhale zimene yaphunzitsidwa. Apa kuonjezera mizere sikuthandiza kwenikweni. Mukufunika modelo yamphamvupo kapena zizindikiro zabwinopo. Akafunsa za bayasi ndi variyansi, andafiting'i ndiyo bayasi yaikulu, ovafiting'i ndiyo variyansi yaikulu.

Khadi 4. Kodi kudontha kwa deta n'kutani?

Ndi pamene chidziwitso chimene modelo sikanakhala nacho pa ntchito yeniyeni chalowa m'maphunziro. Kumachitika kawirikawiri pokonza manambala kuti akhale pa muyeso umodzi. Mukawerengera avereji pa deta yonse musanagawe, mizere yoyesera yathandiza kale kukonza mizere yophunzirira. Gawani kaye, kenako:

```python
from sklearn.preprocessing import StandardScaler

sc = StandardScaler()
X_train = sc.fit_transform(X_train)
X_test = sc.transform(X_test)
```

Onani kuti mzere womaliza ulibe `fit`. Kudontha kwina n'koipa kuposa uku: chithunzi cha wodwala mmodzi kupezeka mbali zonse ziwiri, kapena kulosera amene adzalephere kubweza ngongole pogwiritsa ntchito chiwerengero cha makalata omukumbutsa, amene amatumizidwa munthu atalephera kale. Modelo ikakhoza modabwitsa pa ntchito yodziwika kuti ndi yovuta, musasangalale msanga, fufuzani podontha.

Khadi 5. Modelo yakhoza 98%. Ndi yabwino?

Simungayankhe musanaone kuchuluka kwa gulu lililonse. Tiyerekeze kuti pali matumizidwe a ndalama pa foni 1,000, ndipo 20 mwa iwo ndi achinyengo. Modelo yaloza 30 kuti ndi achinyengo, koma mwa 30 amenewa achinyengo enieni ndi 15. Lembani tebulo la zipinda zinayi. Ogwidwa moyenera, `TP`, ndi 15. Onamiziridwa, `FP`, ndi 15. Achinyengo amene apulumuka, `FN`, ndi 5. Otsala onse, `TN`, ndi 965. Phatikizani muone ngati akukwana 1,000 musanapitirire, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa.

Akyuresi ndi `(TP + TN) / N`, kutanthauza 980 mwa 1,000, ndiye 98%. Tsono taonani modelo ina yaulesi, imene imangoti palibe chinyengo pa chilichonse. Nayonso yakhoza matumizidwe abwino onse 980, ndiye 98% yomweyo, isanagwire wakuba ndi mmodzi yemwe. Gulu limodzi likachepa chotere, akyuresi siikuuzani kanthu.

Presizhoni ndi `TP / (TP + FP)`, ndipo imafunsa kuti mwa amene ndawaloza, olakwa enieni ndi angati: 15 mwa 30, ndiye 50%. Rikolo ndi `TP / (TP + FN)`, ndipo imafunsa kuti mwa olakwa onse, ndagwira angati: 15 mwa 20, ndiye 75%. Pamwamba pali `TP` konsekonse, chosiyana ndi pansi: presizhoni imagawa ndi amene modelo yaloza, rikolo imagawa ndi amene alipodi. Modelo yaulesi ija rikolo yake ndi ziro, ndipo apa ndi pamene imaonekera poyera.

Akafuna nambala imodzi, `F1 = 2PR / (P + R)`, pano 0.75 kugawa ndi 1.25, ndiye 0.6. Si avereji wamba, imene ikanakhala 0.625, chifukwa `F1` imakokera ku nambala yochepayo.

Khadi 6. Mukatsitsa malire a chisankho kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3, chimasintha n'chiyani?

Modelo yambiri yogawa magulu imatulutsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1, ndipo malire ndiwo amaisandutsa inde kapena ayi. Mukawatsitsa, olozedwa amachuluka. Rikolo siingatsike, imakwera kapena kukhala pomwepo, pamene presizhoni kawirikawiri imatsika. Mawu akuti kawirikawiri musawasiye, chifukwa si nthawi zonse.

Funso lotsatira limakhala lakuti musankha iti. Yankhani ndi mtengo wa cholakwa. Pa kuyeza koyamba kwa matenda oopsa, kuphonya wodwala n'koipa kuposa kuitananso munthu wabwinobwino, choncho rikolo itsogole. Pa sefa ya maimelo achabechabe, kutaya kalata yokuitanani ku ntchito n'koipa kuposa kulandira malonda osafunika, choncho presizhoni. Ndipo malirewo asankhireni pa validesheni, osati pa chigawo choyesera.

Khadi 7. `learning_rate` ikakula kapena kuchepa kwambiri, mumaona chiyani?

Sitepe iliyonse ya gradiyenti disenti, njira yotsitsira `loss` pang'onopang'ono, ndi `w = w - lr * grad`, pamene `lr` ndi `learning_rate` ndipo `grad` ndi kupendekera kwa `loss` pamalo pamene muli. Ikakula kwambiri, sitepe imalumpha malo otsikitsitsa, `loss` imadumphadumpha kapena kukwera mpaka pa sikirini patuluke `nan`. Ikachepa kwambiri, `loss` imatsikabe koma pang'onopang'ono, ndipo nthawi imatha musanafike. Mungathe kuyesa 0.1, 0.01 ndi 0.001, n'kufananitsa magirafu atatuwo pa validesheni.