Mwana wotupa mapazi sananenepe

Ndikakhala ndi amayi pansi pa mtengo tsiku la sikelo, ndimayamba ndi kupempha mayi mmodzi kuti andibwereke mwana wake, kenako ndimati: "Amayi, yang'anani zala zangazi."

Ndimagwira mapazi onse awiri a mwanayo n'kudinikiza pamwamba pake ndi zala zazikulu, uku ndikuwerenga pang'onopang'ono mpaka katatu. Ndikachotsa zala, phazi la mwana wathanzi limabwerera msanga. Koma pakatsala kadzenje m'mapazi onse awiri, m'thupimo mwadzadza madzi, ndipo mwanayo wanyentchera kwambiri ngakhale masaya akuoneka odzadza. Apa ndimachedwapo dala, chifukwa mwana wotereyu ndi amene timamutaya. Wowonda aliyense amamuona. Wotupa ena amamuyamikira kuti wanenepa, ena amati ndi tsempho, ndiye banja limatha masabata likufufuza amene walakwa, tsitsi la mwana likufiira ndi kuthothoka, khungu likusupuka. Sindikangana ndi agogo pa za tsempho. Ndimangowapempha kuti: "Zimenezo mukambirana pambuyo, koma mwanayu afike kuchipatala lero."

Wowonda timamuyeza ndi kalamba ka mitundu itatu, pakati pa phewa ndi chigongono cha dzanja lamanzere, dzanjalo litalendewera. Kamagwira ntchito kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakafika pofiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri. Musakakoke mothina kapena kukasiya kolekera, chifukwa kakunamizani.

Kuchipatala amayamba amupatsa chiponde kuti aone ngati akudya. Akadya bwino ndipo alibe matenda ena, amabwerera kunyumba ndi mapaketi ake ndi mankhwala. Akakana kudya, akamasanza chilichonse, akafooka kapena akatupa mpaka kumaso, amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wapadera wa F-75, pang'onopang'ono, chifukwa thupi lofooka chonchi silingalandire chakudya chambiri nthawi imodzi.

Vuto lalikulu limakhala kunyumba. Chiponde n'chotsekemera, ndipo ana ena m'nyumbamo nawonso ali ndi njala. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi umawawa kumana enawo. Komabe mapaketiwo anawerengedwa molingana ndi kulemera kwa wodwalayo, ndiye mukagawa, sabata yamawa sikelo siikwera. Ngati akuyamwa, ayambe wayamwa, kenako musambe m'manja, mum'sambitsenso iyeyo, mufinye paketi kuti chifewe, mung'ambe pakona, adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Musachisungunule m'madzi, chifukwa chikanyowa majeremusi amaswana. Madzi abwino akumwa akhale pambali m'kapu, poti chimapatsa ludzu. Phala libwere pambuyo pa chiponde, lisayambe ladzadza mimba.

Mwana akayamba kusewera, ambiri amasiya kubwera. Pitirizani mpaka azaumoyo atakuuzani okha kuti wachira, ndipo akangokana chiponde kapena kutsegula m'mimba kwambiri, musadikire tsiku lanu.