Mwana wadwala, naiti ikudikira: kakalata kopita kwa sisita inchaji

M'zipatala zambiri za muno mu Lilongwe, anamwino a usiku amalandira wodi cha m'ma 5 koloko madzulo ndipo amaipereka cha m'ma 7:30 m'mawa. Usiku anamwino amakhala ochepa kuposa masana, mwina awiri pa wodi yodzaza. Mmodzi akasowa, wotsalayo ndiye agawe mankhwala, asinthe madiripi, alandire odwala atsopano, zonse yekha. N'chifukwa chake namwino amene mwana wake wadwala akamalembera sisita inchaji, cholinga chisakhale kupepesa chabe. Kalatayo iwathandize a inchaji kupeza munthu wolowa m'malo nthawi isanathe.

Choyamba ndi nthawi. Uthenga wofika 10 koloko m'mawa umapatsa a inchaji maola asanu ndi awiri oti ayang'ane rosita, aimbire amene ali pa ofu, kapena apemphe a matroni kuti avomereze lokamu. Wofika 4 koloko umasiya njira imodzi yokha: kupempha wa masana, yemwe watopa kale, kuti apitirize mpaka kuche. Yemwe ali pa ofu ku Area 25 kapena ku Likuni sangakonze zapakhomo, kukwera minibasi m'mpanipani wa madzulo, n'kufika nthawi yolandirana wodi isanakwane. Musadikire kuti mwina mwana apezako bwino; dziwitsani mukangoona kuti zikhoza kuvuta. Imbani foni kaye, kenako lembani, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp ungakhale osawerengedwa a inchaji ali kalikiliki ndi odwala.

Nachi chitsanzo:

"Sisita, ndikudziwitseni kuti sinditha kugwira naiti ya lero Lachiwiri ku wodi ya amayi. Mwana wanga wa zaka ziwiri amupeza ndi malungo m'mawa uno, akusanza, ndipo palibe wamkulu woti ndimusiyire usiku. Ndalankhula ndi mnzanga amene ali pa ofu lero. Wavomera kundigwirira, ine ndidzamubwezera naiti yake ya Loweruka, ngati inu mungavomereze. Za naiti ya mawa ndikuuzani pofika 10 koloko m'mawa. Buku la kuchipatala la mwana ndidzabwera nalo. Foni yanga ndi yotsegula. Zikomo."

Pansi pake dzina lonse, tsiku ndi nthawi yolembera.

Mawu oti "sinditha" ndi ofunika. Ambiri, chifukwa cha ulemu, amalemba kuti "mwina ndichedwa" kapena "ndiona mmene zikhalire". A inchaji akawerenga zimenezo sayamba kufunafuna munthu, ndipo vuto limadzaonekera 6 koloko, wa masana akufuna kuweruka. Za matenda, chiganizo chimodzi chakwana. Kutentha kwa thupi ndi mayina a mankhwala ndi nkhani ya amene akuthandiza mwanayo.

Pamene anthu amapunthwa kwambiri ndi pa kusinthana. Anamwino awiri akagwirizana okha osauza a inchaji, pa rosita pamakhalabe dzina la woyamba uja. Mnzakeyo akalephera kubwera, wojomba ndi amene dzina lake lalembedwa, ndipo usiku umenewo pakachitika cholakwika, mafunso amayambira pa rosita pomwepo. Komanso si aliyense angalowe m'malo mwa aliyense. Wophunzira unamwino sangasiyiridwe wodi, wodi yochirira imafuna mzamba, ndipo amene wangotuluka kumene masana sayenera kubwereranso usiku. A inchaji ndiwo amaona zimenezi, n'chifukwa chake kalata imati "ngati mungavomereze". Pemphani kuti ayankhe molemba, ngakhale liwu limodzi, ndipo yankholo mulisunge.

Tsono usikuwo uwerengedwa bwanji? Lamulo la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa wogwira ntchito amene wadwala yekha, atatha miyezi 12 pa ntchito ndiponso ali ndi chikalata cha dokotala. Kudwala kwa mwana sikulowa m'menemo. Choncho usikuwo umabwezedwa posinthana, kapena umachotsedwa pa ofu kapena pa tchuthi cha pachaka, malinga ndi malamulo a chipatalacho. Musaname kuti mwadwala ndinu. M'chipatala bodza lotere silichedwa kuululika, ndipo tsiku lina mukadzafunadi thandizo sadzakukhulupirirani.

Naiti kawirikawiri zimabwera motsatizana, masiku angapo, pomwe mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo usiku wachiwiri mwana angakhale asanatsitsimuke. Mukatchula ola loti mupereke yankho la mawa, lisungeni olalo, ngakhale yankho likhale loti simubweranso. Ngati mwana wagonekedwa, nenani lero lomwe kuti naiti zonse zotsala zikonzedwe kamodzi.