Mndandanda wa masheya usanduke tebulo mu Word popanda kulembanso

Alembi ambiri a banki m'khonde kuno ku Kasungu, kaya ku Santhe kaya ku Chamama, amalemba masheya pa foni tsiku la msonkhano, munthu aliyense mzere wake. Ikafika nthawi yogawana, gulu limafuna pepala lokhala ndi dzina, ndalama ndi tsiku, chilichonse m'kolamu yake. Apa ena amajambula tebulo lopanda kanthu n'kuyamba kukopera dzina limodzilimodzi mpaka dzuwa kulowa. Word ikhoza kugwira yokha ntchitoyi, bola muiuze pamene dzina lathera ndi pamene ndalama zayambira.

Tinene kuti mndandanda wabwera chonchi:

```
Nabanda, 15,000, 03/04/2025
Phiri, 8,500, 03/04/2025
Nazulu, 500, 10/04/2025
```

Mumasankha mizere yonse, n'kudina Insert, kenako Table, kenako Convert Text to Table. Pakabokosi kamene katseguke, pansi pa Separate text at, Word imafuna kudziwa chizindikiro chodulira mzere. Poona mipatuliro, munthu amathamangira Commas, ndipo m'pamene zimasokonekera. Word sidziwa kuti mpatuliro wa mu 15,000 ndi wa ndalama, imangodula paliponse pamene yaupeza. Tebulo limatuluka ndi makolamu anayi, 15 kwake, 000 kwakenso. Mzere wa Nazulu ulibe mpatuliro m'ndalama zake, choncho tsiku lake limagwera pansi pa 000 ndi 500 za anzake, kolamu yomaliza n'kukhala yopanda kanthu.

Vutoli limaoneka musanadine OK. Yang'anani pa Number of columns. Word imawerengeratu mzere umene uli ndi zigawo zambiri kuposa ina yonse, ndiye ikalemba 4 inu mukufuna 3, dziwani kuti penapake pali chodulira chowonjezera. Musaikakamize posintha nambalayo kukhala 3, chifukwa chigawo chotsalacho chimatsikira pa mzere wina. Dinani Cancel, mukonze kaye mndandanda.

Onaninso bwino mizere ija. Mpatuliro wolekanitsa dzina ndi ndalama umatsatiridwa ndi mpata, pamene wa m'kati mwa ndalama ulibe. Kusiyana kumeneku n'kokwanira. Dinani Ctrl+H. Pa Find what lembani mpatuliro ndi mpata umodzi, pa Replace with lembani ichi:

```
^t
```

Chizindikirochi chimaimira batani la Tab. Mukadina Replace All, mipatuliro yolekanitsa ija imasanduka Tab, ya ndalama n'kutsala momwe inalili. Kuti mutsimikize, dinani Ctrl+Shift+8, zizindikiro zobisika zionekere. Tab amaoneka ngati kamuvi, ndiye mzere uliwonse uyenera kukhala ndi timivi tiwiri. Wa muvi umodzi ndi umene mlembi anaiwala mpata, monga Phiri,8,500. Wa mivi itatu ndi umene analemba 15, 000 motalikitsa. Imeneyi konzani pamanja, sikhala yambiri. Fufutaninso mizere yopanda kanthu, poti nayonso imalowa m'tebulo.

Pamwamba pa mndandanda onjezani mzere wa mitu: Dzina, Ndalama (K), Tsiku, mukudina Tab pakati pake. Tsopano sankhaninso mizere yonse, bwererani ku Convert Text to Table, sankhani Tabs, onani kuti makolamu ndi 3, n'kudina OK. Zikatuluka zokhota, Ctrl+Z imakubwezerani pamene munali.

Kolamu ya ndalama isankheni yonse n'kudina Ctrl+R kuti manambala akankhikire kumanja. Izi si zokongoletsa ayi: 500 ikakhala pansi pa 500 ya mu 8,500, msungichuma amaona msanga ngati pena pasowa ziro. K ija ndi bwino ikhale pamutu pokha, m'munsimu mukhale manambala okhaokha. Mamembala akachuluka mpaka tebulo kudumphira tsamba lachiwiri, dinani mzere wa mitu, mupite pa Layout ya tebulo, musankhe Repeat Header Rows.

Pofuna chiwonkhetso, onjezani mzere pansi, dinani m'kabokosi ka ndalama, ndipo pa Layout musankhe Formula:

```
=SUM(ABOVE)
```

Pa chitsanzo chathuchi ziyenera kukwana 24,000. Amene sanaponye sheya mulembereni 0, musasiye kabokosi kake kopanda kanthu. Ndipo Word si Excel: mukasintha ndalama za munthu, chiwonkhetso sichisintha chokha, mpaka mutachisankha n'kudina F9.

Masiku ali ndi msampha wawo mukafuna kuwasanja ndi Sort. Ife 03/04/2025 timati 3 Epulo, koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imati 4 Malichi, ndipo amene anaponya mu Epulo amapezeka pamwamba pa anzake a kumapeto kwa Malichi. Ngati mudzasanje, mlembi aziyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-03, ndipo pa Sort musankhe Text pa Type. Akalembedwa choncho amatsatana bwino pa kompyuta ina iliyonse, ngakhale ya pa sitolo yosindikizira pa boma.