Kodi Nancy anaphedwa chifukwa chiyani? Kufupikitsa buku la Chingerezi kuti wophunzira alimve

Pali mnyamata wina wa ku Dedza amene amasamala maluwa panyumba ina ku Borrowdale mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo amagona kwa amalume ake ku Epworth. Sukulu analekezera Sitandade 7. Chishona anachitola msanga m'makombi ndi ku Mbare, koma mauthenga a Chingerezi amene abwana ake amamutumizira pafoni ndiwo ankamusowetsa mtendere. Loweruka masana amabwera kwathu ku Highfield kuti tiziwerenga. Tsiku lina anatulukira ndi buku lothothoka chikuto limene anagula kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu m'tauni. Linali Oliver Twist, la Charles Dickens, limene linatuluka ngati buku mu 1838.

"Aphunzitsi, ndakhala nalo sabata ziwiri koma tsamba loyamba silikutha," anatero.

Sindinadabwe. Bukuli lili ndi mitu 53 ndi mawu opitirira 150,000, ndipo ziganizo zake zina n'zazitali moti ukamafika kumapeto umakhala utaiwala poyambira. Ndinamulonjeza kuti ndimulembera nkhani yomweyo mwachidule, m'Chingerezi cha msinkhu wake, mawu 800 okha.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yongochotsa mawu ovuta n'kuikapo ophweka. Ayi, zimenezo zimabwera pambuyo. Choyamba ndi kudziwa msinkhu wa munthuyo, ndipo msinkhu timauyeza ndi kuchuluka kwa mawu amene akuwadziwa. Osindikiza mabuku a ophunzira anaika masitepe awo. Mwachitsanzo, mabuku a Oxford Bookworms amayambira pa mawu 250, kenako 400, 700, 1,000 mpaka kukafika 2,500. Powerengapo, liwu ndi ana ake onse amatengedwa ngati limodzi, monga ife tinganenere kuti "pita", "anapita" ndi "akupita" ndi banja limodzi. Nzeru imeneyi si yatsopano. Michael West, amene ankaphunzitsa ku Bengal m'zaka za m'ma 1920, ankalemba kale mabuku otere, ndipo mu 1953 anatulutsa mndandanda wa mawu a Chingerezi pafupifupi 2,000 ofunika kwambiri.

Mnyamata wanga ndinamuyesa ndi tsamba limodzi la sitepe ya mawu 400 ndi lina la 700, n'kumupatsa pensulo kuti azidula mzere kunsi kwa liwu lililonse lachilendo. Tsamba loyamba anadula malo awiri, lachiwiri linadzaza mizere. Basi, msinkhu wake unali 400.

Kuchuluka kwa mizereyo n'kofunika chifukwa ofufuza za kuwerenga, makamaka Paul Nation ndi anzake, anapeza kuti munthu amawerenga momasuka payekha akamadziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Ndiye kuti liwu limodzi lachilendo pa mawu 50. Pa chidule cha mawu 800, malo opunthwa asapitirire 16. Akachuluka, munthu amaleka kutsatira nkhani n'kuyamba kusakasaka m'dikishonale, ndipo pofika ndime yachitatu watopa.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene ine ndinailakwitsa poyamba.

Ndinatseka buku n'kulemba mafupa a nkhaniyo m'Chichewa, chochitika chimodzi pamzere umodzi. Oliver abadwira m'nyumba yosungira amphawi, mayi ake amwalira. Apempha phala lowonjezera, alangidwa, aperekedwa kwa wokhoma mabokosi a maliro. Athawira ku London. Akumana ndi Dodger amene amutengera kwa Fagin, nkhalamba yophunzitsa ana kupisa m'matumba. Anzake aba mpango wa bambo Brownlow, wogwidwa ndi Oliver, koma Brownlow amumvera chisoni n'kumusunga. Nancy ndi Bill Sikes amugwira pamsewu n'kumubwezera kwa Fagin. Sikes amutenga kokathyola nyumba usiku, Oliver awomberedwa pamkono, eni nyumbayo amusamala. Nancy apita mobisa kukalankhula ndi Rose, mtsikana wa panyumbayo, kenako ndi Brownlow. Sikes amupha. Sikes afa pothawa, Fagin anyongedwa, Brownlow atenga Oliver kukhala mwana wake.

Mayina ndinasiya asanu ndi awiri. Ena onse anasanduka "bambo wina", "mnyamata wina", chifukwa kwa wophunzira dzina lachilendo ndi katundu wofanana ndi liwu lachilendo. Pakati pa amene ndinawataya panali Monks, munthu amene amatulukira mochedwa m'bukuli ndipo nkhani yake ndi yokhotakhota. Ndinaona ngati ndachita bwino kumuchotsa.

Loweruka lotsatira mnyamata uja anawerenga mwakachetechete, pensulo m'manja. Anadula mizere 11 yokha, ine n'kumadzitama mumtima. Kenako ndinamuuza kuti atembenuze pepalalo andifotokozere nkhaniyo m'Chichewa. Anayenda bwinobwino mpaka pamene Oliver anawomberedwa, apo n'kuima.

"Koma aphunzitsi, Nancy uja anakawauza chiyani anthu aja? Nanga mwana uja anali kale pabwino. Ndiye anafera chiyani?"

Ndinalibe yankho papepalapo. M'buku lenileni Nancy amapita kwa Rose chifukwa anamva mobisa zimene Monks ankakambirana ndi Fagin. Monks ndi mchimwene wake wa Oliver, bambo mmodzi mayi osiyana. Bambo awo analemba mu wilo kuti mwana wamng'onoyo, akadzakhala wamwamuna, adzalandire chuma pokhapokha ngati sanaipitse dzina lake ndi mlandu ali mwana. N'chifukwa chake Monks ankalipira Fagin kuti Oliver asanduke mbava. Pochotsa Monks ndinazula mzati wa nkhani yonse. Mawu onse anali ophweka, koma chinthu chachikulu kwambiri m'nkhanimo chinkachitika popanda chifukwa. Wophunzira akakumana ndi dzenje lotere saganiza kuti wolemba ndiye walakwa. Amaganiza kuti Chingerezi chake ndicho chaperewera. Mwayi wanga unali woti uyu ndi wosaopa kufunsa.

Kuyambira pamenepo, ndikalemba mafupa a nkhani ndimawayesa ndi liwu limodzi: ndimaika "chifukwa" kapena "choncho" pakati pa mzere uliwonse ndi unzake. Pamene palowa "kenako" yekha, ndimabwerera m'buku kukaona chimene ndataya. Munthu amene angachoke popanda kudula unyolo umenewu achoke, ngakhale atakhala wosangalatsa chotani. Amene wagwira unyolo atsale, ngakhale atakhala wotopetsa.

Kubwezeretsa Monks kunabweretsa vuto lina, la galamala. Dickens amaulula za makolo a Oliver chakumapeto, pobwerera m'mbuyo. Kuti unene m'Chingerezi chinthu chimene chinali chitachitika kale chinzake chisanachitike, pamafunika nthawi ya mneni imene wophunzira wa mawu 400 sanafikepo. Njira yake ndi kuyala zonse motsatana monga zinachitikira. Ndinatenga chinsinsi cha kumapeto n'kuchiika m'ndime yoyamba, m'ziganizo zinayi: Oliver ali ndi mchimwene wake amene sakumudziwa, dzina lake Monks. Bambo awo anasiya ndalama. Oliver akakhala wakuba, ndalamazo sadzaziona. Choncho Monks akufuna kuti Oliver akhale wakuba. Ndikudziwa kuti okonda mabuku andidzudzula kuti ndapha chidwi, ndipo akunena zoona. Koma kwa munthu amene akulimbana ndi liwu lililonse, kudziwa kumene nkhani ikulowera ndi ndodo yoyendera. Zodabwitsazo adzazipeza m'mabuku ena akakwera sitepe.

Pa mawu penipeni pali misampha iwiri imene imagwira makamaka ife olankhula Chichewa. Woyamba ndi wa alowam'malo. Ife timangoti "iye", kaya ndi mwamuna kaya mkazi, pamene Chingerezi chimasiyanitsa. Wophunzira wathu amachedwa kuzolowera kuti kaliwu kameneko kakumuuza amene akunenedwa. Tsono pamene Fagin, Sikes ndi Oliver ali m'chipinda chimodzi, onse aamuna, mlowam'malo sathandiza ngakhale pang'ono. Pamenepo ndimabwereza dzina, ngakhale lioneke kanayi m'ndime imodzi. Mkonzi wa nyuzipepala angakwinye nkhope, koma wophunzira sasochera.

Msampha wachiwiri ndi wa mawu aafupi onyenga. Chingerezi chimakonda kulumikiza mneni wodziwika ndi kaliwu kena, tanthauzo n'kusinthiratu. Mneni wotanthauza "kupatsa" akatsatana ndi kaliwu kotanthauza "m'mwamba", zonse pamodzi zimatanthauza kugonja kapena kuleka. Ukafufuza pamndandanda, mawu onse awiri ali m'gulu la ophweka, ndipo wophunzira sadula mzere chifukwa aliyense payekha akumudziwa. Koma wamva zina. Ine m'chidule changa choyamba ndinali nditaikamo mawu otere atatu osazindikira. N'chifukwa chake pensulo yokha sikwanira, pamafunika kuti munthuyo afotokoze m'chilankhulo chake.

Mawu ena sungawathawe. Nkhani iyi siyenda popanda mbava, kuba, mfuti ndi bokosi la maliro. Ndinasankha asanu ndi atatu, n'kuwalemba pamwamba pa tsamba ndi matanthauzo ake m'Chichewa, ndipo ndinaonetsetsa kuti lililonse labwera kangapo m'nkhanimo kuti likhazikike. Ena ndinawazungulira. Nyumba yosungira amphawi ya ku Mangalande ili ndi dzina lake limene mnyamatayu sadzaligwiritsa ntchito ku Borrowdale, choncho ndinangoti nyumba ya anthu osauka. Phala lamadzimadzi lija linangokhala chakudya.

Kufupikitsa ziganizo nako kuli ndi malire. Ndimayesetsa kuti zambiri zikhale za mawu 8 mpaka 12, koma sindidula alumikizi. "Nancy ankamukonda Oliver. Nancy anapita kwa Rose." Ziganizo ziwirizi n'zazifupi, koma wowerenga ayenera kudzilumikizira yekha. Chiganizo chimodzi chokhala ndi "chifukwa" pakati, ngakhale chitalikirepo, n'chosavuta kuposa ziwiri zoduladula.

Chidule chachiwiri chinakwana mawu 860. Kuti Monks apeze malo ndinafupikitsa za wokhoma mabokosi uja ndi ulendo wapansi wopita ku London. Ndinawonjezanso chiganizo chimodzi chonena kuti Fagin anatuma mnyamata kuti azitsatira Nancy, kuti zimveke mmene Sikes anadziwira. Mnyamata wanga anawerenga mphindi khumi ndi ziwiri, anadula mizere isanu ndi inayi, ndipo pofotokoza sanaime paliponse. Nditamufunsa chimene Nancy anafera, anayankha kuti anaulula chiwembu cha Monks ndipo Sikes anaganiza kuti wawapereka onse kupolisi.

Ponyamuka kukakwera kombi anapinda pepalalo n'kuliika m'kati mwa buku lothothoka chikuto lija. Tinagwirizana kuti akamaliza timabuku tina tinayi ta sitepe yomweyi, ndidzamulembera nkhani yomweyo pa sitepe ya mawu 700, ndipo ulendo umenewo chinsinsi cha Monks chidzabisala mpaka kumapeto monga anachitira Dickens mwini wake.