Noti ya fe ndi khodi imene imasandutsa so kukhala kwawo kwa kanthawi

M'makwaya a muno mu Zomba, kaya ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, muli noti imodzi imene imavuta pafupifupi paliponse. Pa pepala la solofa imalembedwa fe. Ambiri amaitenga ngati fa yolembedwa molakwika, ena amangoidumpha n'kuimba fa yomwe anazolowera. Koma wolemba nyimbo akaika fe amakhala ali ndi cholinga chenicheni, ndipo nthawi zambiri notiyi imakhala mtima wa khodi, kapena kuti manoti angapo omveka pamodzi, imene m'mabuku a nyimbo imatchedwa sekondale dominanti.

Tiyambire pa chinthu chimene khutu lanu likudziwa kale. Nyimbo iliyonse ili ndi kwawo, kumene imakapumira. Mu kiyi ya C, kwawoko ndi noti ya C, imene pa solofa timati do, pamodzi ndi khodi yomangidwa pamenepo. Khodi yomangidwa pa noti yachisanu, so, ndiyo imatchedwa dominanti, ndipo mu kiyi ya C ndi G kapena G7. Woimba kiyibodi akagwira G7 n'kuchotsa manja osamaliza, mpingo wonse umatsala m'malere, chifukwa aliyense akudikira C.

Chimene chimakoka khutu chili m'kati mwa khodiyo. G7 ili ndi manoti anayi: G, B, D ndi F, kapena kuti so, ti, re ndi fa. Ti ili pafupi kwambiri ndi do, kusiyana kwake ndi semitoni imodzi yokha, mpata wochepetsetsa pakati pa manoti awiri a pa kiyibodi, ndiye imafuna kukwera. Fa nayo ili semitoni imodzi pamwamba pa mi, ndiye imafuna kutsika. Pakati pa ti ndi fa pali masemitoni 6, mpata umene sukhazikika ngakhale pang'ono. Awiriwa akasuntha, wina kukwera wina kutsika, amafikira pa do ndi mi, ndipo khutu limati tafika. Mu kiyi yonse ya C, manoti awiri otalikirana chonchi ndi B ndi F basi, n'chifukwa chake G7 imaloza kwawo mosakayikitsa.

Tsono mphamvu yolozayi ingathe kutembenuzidwira kwina. Tiyerekeze kuti tikufuna khodi ya G, imene masiku onse ntchito yake ndi yoperekeza ena, imveke ngati pofikira. Timafunsa kuti: G ikanakhala kwawo, dominanti yake ikanakhala iti? Kuwerenga manoti asanu kuyambira pa G (G, A, B, C, D) kumatifikitsa pa D. Pamenepo timamanga khodi ya mtundu womwewo wa G7, ndipo imatuluka D7, yokhala ndi D, F#, A ndi C. Pa solofa ndi re, fe, la ndi do.

Onani chimene chasintha. Khodi ya D yomwe kiyi ya C imapereka mwachibadwa ndi Dm, yokhala ndi F wamba. Kuti ikhale D7 takweza F ija ndi semitoni imodzi n'kuwonjezera C. Pa kiyibodi chala chachoka pa batani loyera kupita pa lakuda loyamba m'gulu la atatu aja. Pa gitala, pa chingwe chopyapyala cha pansi, Dm imagwidwa pa fuleti yoyamba pomwe D7 imagwidwa pa yachiwiri. Kusuntha kwake n'kochepa choncho, koma tsopano fe yayandikira so monga momwe ti imayandikirira do, ndipo pakati pa fe ndi do pabadwa mpata uja wa masemitoni 6. Fe imakwera kupita pa so, do imatsika kupita pa ti. Do yemwe ndi mwini nyimbo wasanduka noti yosakhazikika, yofuna kutsika, ndipo so wakhala pampando. Ophunzira nyimbo, monga a ku Chirunga, amalemba khodi imeneyi kuti V7/V, kutanthauza dominanti ya dominanti.

Zimafanana ndi kupita kukacheza kwa azakhali. Amakulandira ndi manja awiri, amakuuza kuti khala womasuka, pano ndi kwanu, ndipo kwa maola angapo umamvadi choncho. Koma dzuwa likapendeka umatsanzika, chifukwa kogona ndi kwina.

Nayi mizere inayi imene kwaya iliyonse ingayese mu kiyi ya C, noti iliyonse kugunda kuwiri:

```
         C   D7  G   G7  C
Sopulano m   r   r   r   d
Alito    s   fe  s   f   m
Tenala   d   d   t   t   d
Besi     d   r   s   s   d
```

Pa D7 ndasiya noti ya la dala. Khodi yotereyi siiluza kanthu ikasowa noti yake yachisanu, ndipo kuisiyako kumachititsa kuti G yotsatira ituluke yathunthu.

Nkhani yonse ili pa mzere wa alito. Akatsika pang'ono kuchoka pa so kupita pa fe n'kubwereranso, khodi yachitatu ija imamveka yokhazikika, moti mutha kuimirira pamenepo n'kupuma mpweya. Kenako alito omwewo amaimba fa wamba, ndipo nthawi yomweyo G yachotsedwa pampando, yabwerera pa ntchito yake yoloza C. Noti imodzi yatsegula ulendo, ina yautseka. Yesaninso mizere yomweyi koma alito aimbe fa pamalo pa fe. Simumva cholakwika chachikulu, koma G imangodutsa ngati malo oponda, ndipo mpumulo uja palibe. Ichi n'chifukwa chake m'nyimbo zambiri za m'buku fe imapezeka chakumapeto kwa mzere wachiwiri, pakati penipeni pa ndime, pamene wolemba akufuna kuti mpingo upume koma usaganize kuti ndime yatha.

Vuto limene ndimakumana nalo kwambiri pophunzitsa makwaya si kudumpha fe kotheratu, koma kuiimba mwamantha. Alito amadziwa kuti pali china chachilendo, ndiye amaika mawu pakati pa fa ndi fe, osafika kulikonse. Mudzazindikira zimenezi ndi khutu: khodi imamveka yakuda, ngati mawu akukwekwesana, ndipo so yotsatirayo imafikidwa motsika pang'ono. Ndime zikapita zitatu, kwaya yonse yatsika ndipo wa kiyibodi akuyang'ana uku ndi uku. Kuwauza kuti kwezani mawu sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi kuwauza aiwale kaye fa. Aimbe do, ti, do kangapo mpaka kuyandikana kwa manotiwo kukhazikike m'khutu. Kenako atenge so, aitche do, aimbenso do, ti, do pamenepo. Chimene aimbacho ndi so, fe, so. Fe imapezedwa kuchokera kumwamba, pa so, osati pokankha fa kuchokera pansi, ndipo ndimaona kuti mphunzitsi akaigwira mfundo imeneyi vutoli limatha pa pulakatisi imodzi kapena ziwiri.

Oimba kiyibodi ali ndi vuto lawolawo. Mnyamata akangoitulukira D7 amaikonda, ndipo m'pomveka, chifukwa imakometsa. Ndiye amayamba kuiika paliponse pamene pakubwera G. Koma khodi imeneyi imayenera kugwirizana ndi mawu amene anthu akuimba. Ngati pa malo amenewo sopulano akuimba re, la kapena do, D7 ilowa bwinobwino. Ngati akuimba fa, ndiye kuti F wa oimba ndi F# wa kiyibodi akuwombana, ndipo palibe luso la zala limene lingabise zimenezo. Musanaike khodiyi, yang'anani noti ya nyimbo pa kugunda komweko.

Njira yomwe tagwiritsa pa G imagwiranso pa makhodi ena. Pofuna kuti Am imveke ngati kwawo, timawerenga manoti asanu kuchokera pa A n'kufika pa E, ndipo E7 imabweretsa G#, imene pa solofa ndi se, yotsamira pa la. Ine iyi ndiyo imandikhudza kwambiri. Nyimbo imene inali yowala imalowa mwadzidzidzi m'chisoni, ndipo wolemba wanzeru amaisungira mawu oyenera, monga onena za imfa kapena kulapa. Pofuna kuloza F pamachitika zosiyana pang'ono, chifukwa dominanti ya F ndi C yomwe, mwini nyumba. Apa sitikweza noti koma timawonjezera Bb, imene pa solofa ndi ta, ndipo C7 imapangitsa kwawo kwenikweni kumveka ngati njira yopitira kwina. Oimba makolasi amaichita kawirikawiri asanalowe mzere wachiwiri, ngakhale ambiri sadziwa dzina lake. Khodi imodzi yokha mu kiyi ndiyo singalozedwe motere, ija yomangidwa pa ti (B, D, F), chifukwa m'kati mwake muli kale mpata wosakhazikika uja, ndiye singakhale popumira.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti: ngati G yamveka ngati kwawo, kodi sitinasinthe kiyi? Yankho lagona pa kutalika kwa nthawi ndi pa zimene zikutsatira. Fe ikabwera kamodzi, fa n'kubwereranso posachedwa, kiyi ikadali C ndipo tangocheza. Koma fe ikamabwerezedwa mizere ingapo, fa osamvekanso, ndipo nyimbo n'kutsekera mwamphamvu pa G, khutu limasamuka ndithu. Solofa imene timagwiritsa, yomwe Sarah Glover anaiyamba ku Norwich ndipo John Curwen anaikonza n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, imasiyanitsa ziwirizi pa pepala pomwe. Pa kucheza kwa kanthawi imangolemba fe. Pa kusamuka kwenikweni imalemba noti imodzi ndi mayina awiri, kachilembo kakang'ono kutsogolo kwa kakakulu, kuuza woimba kuti so uja kuyambira pano azimutcha do. Malire ake si olembedwa pamwala, ndipo akatswiri awiri angathe kutsutsana pa mzere umodzi womwewo. Mukakayika, imitsani nyimbo pamalopo n'kupempha kwaya iimbe noti imene ikumva kuti ndi do. Imene atulutse ikuuzani kumene makutu awo ali.

Palinso njira ina yoyendetsera D7 imene oimba bandi amaikonda. M'malo mopita pa G wamba, amapita molunjika pa G7, ndipo alito amaimba so, fe, fa, mi, kutsetsereka semitoni ndi semitoni. Apa fe yalonjeza so koma siinafikeko, ndiye G siipeza mpata wokhala pampando ngakhale kugunda kumodzi. Kukoka kwa D7 kumangodutsira mu G7 n'kukathera pa C ndi mphamvu yowirikiza. Mzere umenewu ndi wovutirapo kuimba kusiyana ndi woyamba uja, chifukwa fe ndi fa zagundizana popanda so pakati pake, choncho ndi bwino kwaya iyambe yakhazikika pa so, fe, so isanauyese.