Kabatire ka limoti ya galimoto kakamatha msanga

Mwezi watha kunabwera mayi wina ku galaja kwanga ndi Nissan Note yake, ya kiyi uja wongoika m'thumba n'kudina batani galimoto n'kulira. Ati bambo, miyezi inayi yokha ndasintha kabatire katatu, kiyi ameneyu ndi wakufa basi mundipezere wina. Ndinawauza kuti dikirani kaye mayi, kiyi watsopano ndi ndalama zambiri komanso afunika kumulowetsa mu kompyuta ya galimoto, tiyeni tione kaye kabatireko.

Kali m'kiyi wawo ndi CR2032, kabatire ka lithiyamu ka 3V. Manambalawo ndi saizi yake: 20 ndi mamilimita a m'mimba mwake, 32 ndiye kuti kunenepa kwake ndi mamilimita 3.2. Pa kiyi ngati ameneyu kabatire kabwino kamayenera kukhala chaka kapena ziwiri, ndiye kakamatha mwezi umodzi pali chikuchitika.

Ndinatenga mita yoyezera magetsi, kuika pa DC 20V, waya wofiira pa mbali yolembedwa +, wakuda kuseri kwake. Inaonetsa 3.0V. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsika, ngakhale anzanga ena a mawaya, amati tu kali bwino aka. Katsopano kamaonetsa 3.2V kapena 3.3V, ndipo timabatire ta lithiyamu timakhala pafupi ndi 3V pafupifupi mpaka kutha, mita payokha siikoka moto ndiye kabatire kofooka kamaoneka kamphamvu. Muyenera kukapatsa ntchito. Ine ndimalumikiza rezisita ya 1k, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a moto, pakati pa mawaya awiri a mita aja, imakoka moto wa 3mA, n'kuyezanso kwa masekondi ochepa. Kabatire kabwino kamangotsika pang'ono, kamakhalabe cha m'ma 2.9V kupita m'mwamba. Ka mayiwa kanagwa mpaka 2.5V. Katha.

Koma funso linali loti kakutheranji msanga. Ndinafunsa kuti kiyi amagona pati usiku. Ati pa msomali pafupi ndi windo la kuchipinda, ndipo galimoto imagona kunja kwa windo lomwelo poopa akuba, mwina mita imodzi kuchokera pa msomalipo. Ndiye vuto lake limenelo. Kiyi wa mtunduwu sagoneratu, amakhala akumvetsera ngati galimoto ikumuitana, ndipo akakhala pafupi nayo amatha kumadzuka n'kumayankha, kabatire n'kumadyeka inu muli m'tulo. Zimachitikanso mukamamuika pamwamba pa TV, pafupi ndi chaja ya foni kapena laputopu, chifukwa zimenezi zimatulutsa mafunde omusokoneza. Ndinawauza asamutse msomali upite chipinda china, mamita angapo kutali.

Chachiwiri, timabatire tawo amagula pa msewu, timene takhala padzuwa pa thebulo kaya kuyambira liti. Kamodzi kanali m'chikwama kosatsegula, tinakayeza, 3.1V popanda rezisita, ndi rezisita kanatsika mpaka 2.7V, katsopano koma kotopa kale. Gulani kosindikizidwa bwino m'paketi ndipo onani deti yake.

Posintha, tulutsani kaye kakiyi kachitsulo kobisika m'kati, pamenepo pamakhala kampata, lowetsani sikuludilaiva yaing'ono yokulunga kansalu n'kupotokola pang'onopang'ono. Musanachotse kakale jambulani ndi foni kuti mukumbukire mbali ya + imayang'ana kuti, chifukwa makiyi amasiyana. Werengani nambala pa kakaleko, musangoganiza, Toyota zina zimadya CR1632. Ndipo osalola wogulitsa akuuzeni kuti CR2025 ndi chimodzimodzi, inde nako ndi 3V ndipo kamalowa, koma ndi kopyapyala, mamilimita 2.5, kamagwedera m'malo mwa CR2032 ndipo moto wake ndi wochepa, limoti imagwira lero mawa ayi.

Katsopano kagwireni m'mphepete, thukuta la zala likamatira limasokoneza kukhudzana, ndipo osakapana ndi pulayasi yachitsulo uku ndi uku, mungakashotetse. Onaninso tizitsulo tokhudza batire tija, ngati tachita dzimbiri lobiriwira ndiye kuti munalowa madzi, pukutani ndi kathonje ka sipiriti, ngati taphwatalala tukulani pang'ono pokha. Dinani mabatani onse mumve ngati akubwerera, batani lokanirira limamaliza batire m'masiku ochepa. Mukapanga zonsezi koma kabatire kabwino n'kuthabe mwezi umodzi, apo ndiye bolodi la m'kati likudya moto, kiyi afunika katswiri.

Kakakuferani pa ulendo musasweke mtima, tsegulani chitseko ndi kakiyi kachitsulo kaja, pondani buleki, gunditsani limoti pa batani loliza galimoto n'kudina, magalimoto ambiri amalira choncho ngakhale kabatire katatheratu. Kakale kaja osakasiya pa tebulo, mwana akameza kamawotcha kummero m'maola awiri okha, ndi nkhani yothamangira ku chipatala nthawi yomweyo. Kakulungeni ndi tepi mbali zonse musanakataye.

Mayi aja tinawaikira CR2032 yoyezedwa, inaonetsa 3.3V, ndipo ndinalemba deti ndi cholembera cha maka m'kati mwa chivundikiro kuti akadzabweranso tidzawerenge miyezi bwinobwino.